Zala Zinayi pa Phewa la Malemu

A Danwell Mtonga ankadana ndi kamera ngati mmene ena amadanira ndi jakisoni. Pa moyo wawo wonse anasiya chithunzi chimodzi chokha, cha pa chitupa cha boma, chimene anajambulitsa asanamere ndevu. Tsoka lawo linali lakuti mwana wawo woyamba, Bwezani, ankadyera kamera yomweyo pa situdiyo ina pa Lundazi boma.

Loweruka lina mu Marichi, fodya ali m'mabani oumitsira, banja linagwirizana zojambulitsa pamodzi chifukwa Consolata, mlongo wake wa Bwezani, ankapita kusukulu ya unamwino ku Chipata. Amayi awo, a Keziya, ananyamuka m'mawa pa minibasi pamodzi ndi Consolata kuchokera kwawo kwa Mphamba. A Danwell anatsala kuti asonkheze moto wa fodya, nati atsatira pa njinga. Anawadikira mpaka nthawi inapitirira 3 koloko. Amene anatulukira anali a Jones, mng'ono wawo wa a Danwell, pa njinga yawo yamoto, malaya oyera ali mbee.

"Akulu sininawaone lelo," anatero a Jones. "Mwawadziwa na makamela. Tiyeni tijambule chabe, dzuwa lapita."

Bwezani anaimika kamera pamiyendo yake itatu, anatchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi khumi, n'kuthamangira kukaima pambali pa mlongo wake. Kumbuyo kwa mpando wa amayi kunatsala mpata wa munthu mmodzi. M'mawa mwake a Danwell anapezeka mu ngalande ya msewu wopita ku boma, mutu utaphwanyika kumbuyo, ali m'malaya okha, njinga ili pambali. Apolisi analemba kuti galimoto inawagunda n'kuthawa, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinkamudya Bwezani chinali nkhope yake pa chithunzi chija. Anali atakwinya tsinya, kukwiyira bambo ake kuti azemba, pamene mwina munthuyo anali atazizira kale. Ndiye patapita miyezi inayi, amayi ake atamuuza kuti mpata uja umawasowetsa tulo, analonjeza kuti awabwezeramo bambo akewo.

Analemba pa gulu la banja la pa foni kupempha chithunzi chilichonse cha malemu. Sabata yathunthu inadutsa kuli zii. Kenako kunabwera chithunzi chimodzi kuchokera kwa Precious, mkazi wa a Jones, popanda ngakhale moni. A Danwell anaima kutsogolo kwa bani, atavala jekete yakhofi, akuseka ngati munthu wogwidwa akuba mtedza. Pambali pawo panali a Jones, malaya a mandalasi abuluu, dzanja atakoleka paphewa la mkulu wawo. Bwezani sanaidziwe jeketeyo, koma iye anachoka pakhomo kalekale. Anangoti n'chithunzi cha chaka chatha.

Ntchito inamutengera masiku atatu. Chithunzi chodutsa pa Watsapu chimafika chitafinyidwa, tsiku ndi nthawi zitachotsedwa, ndipo ukachikulitsa nkhope imagawika timabokosi. Anachikoka n'kuchiika pamwamba pa chithunzi cha banja ngati leya yakeyake, monga pepala loonekera losanjikidwa pa linzake. Anadontheza timadontho kuzungulira mapewa, makutu ndi chibwano, mpaka mzere unakumana, n'kuika masiki. Pa masiki, chimene wapaka chakuda chimabisika, chimene wasiya choyera chimaoneka. Bani linazimirira, fodya anazimirira, a Jones nawonso anazimirira, pakuti anali kale pa chithunzi cha banja ndipo munthu saima kawiri pa chithunzi chimodzi. Imvi za m'mphepete anazitsata ndi burashi yofewa, tsitsi limodzilimodzi, maso mpaka kuwawa.

Kuwala ndiko kunamuvuta. Mu situdiyo getsi lalikulu linali kudzanja lamanja, pamene dzuwa linawomba bambo ake kuchokera pamwamba chakumanzere. Anawatembenuza ngati pagalasi kuti mthunzi wa mphuno ugwere mbali imodzi ndi ya anzawo. Anawalitsa mdima wa m'munsi mwa maso, umene umabwera munthu akajambulidwa dzuwa lili paliwombo. Anachotsa kubiriwira kumene masamba a fodya anaponya m'mphepete mwa jekete. Popeza chithunzicho chinalekera m'chiuno, anawaimika kumbuyo kwa mpando, nakopera mutu wa amayi ndi msana wa mpando pa leya ina yapamwamba kuti ziwaphimbe. Anapaka kamthunzi kofewa pa nsalu yakumbuyo. Pomaliza anamwaza timchenga tochepa pa chithunzi chonse, kuti amoyo asaoneke akuthwa kuposa wakufayo.

Zinatsala zala zinayi za a Jones paphewa la jekete. Zimenezo masiki sakanazichotsa popanda kuboola phewa. Anatsegula leya yopanda kanthu, natapa nsalu ya jekete pang'onopang'ono kuchokera pambali, n'kumadinda pamwamba pa zalazo mpaka zinakwiririka. Atabwerera m'mbuyo ndi mpando wake, bambo ake anali ataima pakati pa banja lawo, akuseka. Bwezani anatseka chitseko cha situdiyo nalira ngati kamwana.

*

Anatsukitsa chithunzicho chachikulu, anachiika mu felemu yagalasi, napita nacho kumudzi Lachisanu masana. A Keziya anali pakhonde akutongola mtedza.

"Monile, amama."

"Monile, mwana wanga. Wanyamula vichi?"

Anamasula mapepala. A Keziya anapukuta manja pachitenje, nachilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Chipsela cha awiso chinali kumanzele," anatero. "Apa chili kumanja."

Bwezani anachita manyazi. Potembenuza nkhope anaiwala chipsera cha nkhwangwa chimene anakula akuchiona tsiku lililonse. Anayamba kufotokoza za getsi ndi mthunzi, koma amayi ake sankamvanso. Chala chawo chinali chitaima pamimba pa jekete.

"Jekete iyi waitenga kuti?"

"Ni pikicha yakale, amama. Ananitumila amama ang'ono a Precious."

"Yakale bwanji? Jekete iyi ninagula ine pa salaula, pa vovala va kaunjika, pa Chisanu, kuti akavale pojambula. Inalibe batani limodzi. Ona apa. Ili lamkuwa ninachotsa pa dilesi yanga yamvano, ninasokelela na manja anga. Anaivala kamodzi chabe, pa tsiku lija."

Bwezani analiona bwino batanilo. Analikulitsapo pa kompyuta, natsala pang'ono kulisintha mtundu kuti lifanane ndi anzake akuda, koma anatopa.

"Nanga mtembo unapezeka na jekete?"

"Unalibe. Ninati akawalala a pamsewu anavula." A Keziya anatsitsa mawu. "Pa pikicha iyo anali okha?"

Bwezani anayang'ana kutsidya kwa bwalo, kumene njinga yamoto ya a Jones inali itatsamira mtengo wa mango. Amayi ake sanafunsenso kachiwiri. Anangolowa m'nyumba, nakhoma msomali pachipupa ndi mwala, n'kupachika chithunzicho.

*

Pamphambano pamene kanjira ka kumudzi kamakumana ndi msewu waukulu pamakhala a Manasseh, okonza njinga, munthu amene palibe tayala limadutsa osalipatsa moni. Bwezani anawapeza akumata chubu.

"Pa Chiwelu chija, tsiku la pikicha? Iwe, ine mutu wanga ni buku," anatero a Manasseh, akulavulira pa chubu kuti aone pobooka. "Amako na mlongo wako ninawakweza minibasi ine. Awiso sanapite pano. Akanapita akanaima, chifukwa Danwell sanali kupita osanitukwana kuti nimadula."

"Mwina munachokapo pang'ono."

"Kuchoka kupita kuti? Nimadyela pano, nimakodzela paseli pa mtengo uwo. Amene anapita ni Jones, ma 14 hours, kuthamanga monga wabela chigayo. Sananiyankhe na moni."

"Apolisi munawauza?"

"Ananifunsa? Anabwela, anapima msewu na tepi, anagula chinangwa chootcha, anapita." Anaika chubu pansi. "Nikuuze china, mwana wa mnzanga. Njinga ya awiso anaibweletsa kuno pambuyo pa malilo kuti niikonze. Ninasowa chokonza. Limu yoongoka, sipoko zonse zilimo, foloko ili bwino. Zaka makumi atatu nakonza njinga zogundidwa, sininaonepo motoka yaulemu choncho, yophwanya munthu n'kupepesa njinga."

"Anaibweletsa ndani?"

A Manasseh anatolanso chubu chawo nayamba kuchipala ndi msasa, ngakhale chinali chopalidwa kale.

"Manje ili pakhomo pa ndani, si pa mng'ono wa awiso? Ine nakamba vambili."

*

Loweruka m'mawa Bwezani anatsegula situdiyo, koma sanatulutse chikwangwani panja. Anatsegula fayilo ija. Maleya onse khumi ndi anayi anali pamzere kudzanja lamanja, iliyonse ndi kadiso kake koyatsira ndi kuzimitsira. Masiki ali ndi khalidwe limodzi limene anthu osadziwa ntchitoyi salidziwa: safufuta kanthu, amangophimba. Anadina pa masiki a bambo ake kuti awazimitse, ndipo zonse zinabwerera nthawi imodzi. Bani linamera pakati pa situdiyo, ndipo a Jones a malaya abuluu anatulukira pafupi ndi a Jones a malaya oyera. Anatseka kadiso ka leya ya paphewa, zala zinayi zija n'kubwerera pamalo pake.

Mithunzi ija anavutika nayo inali ya masana, cha m'ma 12. Pa nthawi imeneyo abale awiriwa anali limodzi, akuseka. Chithunzi cha situdiyo kamera inachilemba 15:42. Pakati pa nthawi ziwirizi munthu wina anasintha malaya, ndipo wina anasiya kupuma.

Pansi penipeni panali leya ina imene anaipanga kale mu Marichi, asanamve za imfa, n'kuitcha "kukonza nkhope". Wojambula aliyense amachita zimenezi osafunsa: kuchotsa ziphuphu, kupukuta thukuta. Anatseka kadiso kake. Chiphuphu chinabwerera pachipumi pa Consolata. Pakhosi pa a Jones a malaya oyera, pamwamba pa kolala, panatuluka mikwingwirima itatu yofiira, yaiwisi. Anayang'ana khosi la a Jones a malaya abuluu. Linali losalala.

Anali iye mwini, ndi dzanja lake, amene anapukuta zikhadabo za bambo ake pakhosi la munthuyo.

Panja panalira njinga yamoto, n'kuzima. Bwezani anayatsanso masiki msangamsanga.

"Odi kuno, abwana a mapikicha!" A Jones analowa akuseka, chipewa chili m'manja. Anali munthu wa mawu okoma, wodziwa kulira pamaliro, ndipo kuyambira Marichi ndi amene ankagulira a Keziya sopo ndi mchere. "Naiona ntchito yako kunyumba kwa alamu. Iwe uli na manja, mwana wanga. Akulu aima monga amoyo."

"Yewo, adada."

"Manje pikicha ija unagwilitsa, ikali mu makina?"

"Ilimo."

"Ufute. Vinthu va akufa sivifunika kusungasunga mu makompyuta, kwathu sitichita choncho. Yapachipupa ija yakwana." Anayendetsa chipewa m'manja. "Anakupatsa ndani?"

"Ninaipeza mu foni yakale ya Consolata."

"Ooh. Ya Consolata." A Jones anamuyang'ana, kumwetulira kuli pakamwa pokha. "Amako nimawasunga bwino, si choncho? Munda akulima, nyumba akukhalamo. Pamudzi pa a Mtonga mkazi wamasiye amakhala ngati pali womukambila. Uzikumbukila vimenevo, iwe wa mu tauni."

Anamusisita paphewa potuluka, phewa lomwelo, ndi zala zomwezo.

*

Precious ankagulitsa tomato pa msika wa pa boma Lolemba lililonse. Anali wamng'ono kwa mwamuna wake ndi zaka makumi awiri, wosalankhulalankhula, ndipo tsiku limenelo anali atamanga duku mpaka m'maso. Ataona Bwezani anayamba kupanganso milu imene inali yopangapanga kale.

"Gulani tomato, osaima chabe. Anthu aona."

Bwezani anagwada ngati akusankha. "Amama, munanitumila dala?"

"Munapempha pikicha. Ninakupatsani."

"Munajambula liti?"

"Sinikumbuka."

"Foni ikumbuka. Ili na imwe?"

Precious anayang'ana uku ndi uku, nasolola foni pachifuwa. Bwezani anatsegula chithunzicho, nadina pamene pamaonetsa mbiri yake. Chimene Watsapu inachotsa chinali chikhalire mu foni imene inajambula: Loweruka lija la mu Marichi, 12:17.

"Amuna anga ananiuza kuti nifute," anatero Precious, maso ali pa tomato. "Ninabisa chabe mu foda ina. Alamu anabwela kutionetsa jekete, tinaseka, ine n'kujambula. Pambuyo anayamba nkhani ya dimba la kudambo. Amuna anga anali atalonjeza kale dimba lija kwa munthu wa magolosale wa ku Chipata. Alamu anati dimba la adada awo silipita kwa mlendo iwo akali moyo, pa Mande akanena kwa anduna a mfumu. Ananituma kumadzi. Pobwela ninapeza bani lokhoma, amuna anga akusamba, malaya ali mu beseni."

"Munaona mtembo?"

"Ninaona ngolo ilibe pamalo pake m'mawa mwake, na ng'ombe zotopa. Vina musanifunse."

"Jekete?"

Precious anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Anatenga tomato anayi, nawaika m'kapepala, naponyamo kanthu kena kakang'ono.

"Phulusa la mu ng'anjo ya bani nimaola ine. Nsalu imapsa, mabatani apulasitiki amasungunuka. Ili linakana."

Pansi pa tomato panali batani lamkuwa, lakuda ndi mwaye.

"Chifukwa chiyani munakhala chete miyezi yonse iyi?"

Precious anakankhira duku m'mwamba pang'ono. Diso lakumanzere linali lotupa, lofiirira ngati biringanya.

"Ili n'la pa Chiwelu, atachoka ku situdiyo kwanu. Nkhani ya foni ya Consolata sanaikhulupilile. Imwe mufunsa chifukwa?" Anatsitsanso duku. "Nimagona naye nyumba imodzi, a Bwezani. Mukapita ku polisi, pitani lelo. Mukachedwa, muzaniika na ine pa pikicha."

*

Bwezani sanafune kupita kupolisi asanaonane ndi amayi ake. Anakwera njinga ya kabaza, nafika dzuwa likupendeka. A Keziya anali m'nyumba, atakhala moyang'anana ndi chithunzi. Anaika batani pa tebulo. Amayi ake analiyang'ana, koma sanalikhudze.

"Bweza kumene walitenga."

"Amama, mwadziwa chimene ichi chitanthauza."

"Ninadziwa tsiku limene unabwela na pikicha. Mwina ninadziwa na kale. Uganiza ndine mwana?" Mawu awo anali ouma. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka, Bwezani. Ine pano ndine mlendo. Ninabwela na ng'ombe za malowolo zaka makumi atatu zapita, nabala, naika ana awili pa manda apo, koma nikali nyaZimba wa ku Kapichila. Ukamangitsa Jones, a Mtonga sazati Jones anapha. Azati mkazi uja watuma mwana wake kuti amalize mbumba. Azanichotsa."

"Lamulo silola kuthamangitsa wamasiye."

"Lamulo lizabwela kuzanitungila madzi? Lizabwela pa malilo anga? Sazanimenya, iyayi. Azangoleka kunipatsa moni. Iwe uzakhala ku boma na makompyuta ako."

"Manje tizidya sopo na mchele wa munthu amene anapha adada?"

"Nadya miyezi inayi. Uganiza umanikomela?" A Keziya anaimirira, nagwira felemu kuti iwongoke ngakhale sinali yopendama. "Ninakupempha chinthu chimodzi, kuti nikakhala pano niziona banja langa lonse. Wanipatsa. Vinavo vimene unabisa kumbuyo, visiye kumbuyo komweko. Si iwe wamene unaviphimba?"

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa anali oona. Lachiwiri m'mawa anakhala pa kompyuta, fayilo ili chitsegukire. Pali lamulo limodzi mu pulogalamuyo limene limaphatikiza maleya onse kukhala pepala limodzi. Ukalidina n'kusunga, zobisika zimatayika kotheratu, kumatsala chokhacho chimene maso akuona: bambo akuseka, phewa loyera, khosi losalala, banja lathunthu. Akanatero, n'kufufuta fayilo ya mu kamera ndi uthenga wa Precious, n'kuponya batani m'chimbudzi, amayi ake akanafera m'nyumba yawo. Kamuvi ka pa sikirini kanaima pa lamulolo nthawi yaitali. Anaganiza za amayi ake, anaganiza za diso la Precious, ndipo anadana ndi onse, ngakhale bambo ake omwe, amene akanangolola kujambulidwa kamodzi ali moyo sakanamusiyira mtolo umenewu.

Anachotsapo kamuvi, natenga fulashi mu dirowa kuti akoperemo fayiloyo, n'kuimbira foni Precious.

*

Sajeni Racheal Ngulube anali mayi wonenepa, wa maso aulesi amene sankaphonya kanthu. Anaonerera Bwezani akuyatsa ndi kuzimitsa maleya pa laputopu, a Jones akutuluka ndi kulowa, mikwingwirima ikubwera ndi kupita.

"Vokondweletsa," anatero. "Manje niuze, mnyamata. Iwe waimika munthu wakufa pakati pa amoyo, na mthunzi wake. Ungakangiwe kujambula tumizele tutatu pakhosi pa munthu amene mulimbilana naye dimba? Loya azakudya wamoyo."

"Ichi chimene napanga si umboni, amayi. Chionetsa chabe poyang'ana." Anaika kakhadi ka kamera pa tebulo. "Umu muli fayilo yaiwisi, mmene kamela inalembela. Imeneyo pulogalamu siilembapo, ukasintha imasunga kumbali. Tumizani kwa akatswili anu aone. Pikicha inayo musatenge yanga, yanga inapita pa Watsapu. Tengani foni imene inajambula."

"Mwini foni azavomela kukamba?"

"Ali panja, pa benchi. Wabwela na chola chake, kunyumba sabwelelanso."

Sajeni anatembenuza ndi nsonga ya bolopeni batani lija, limene Bwezani anaika pambali pa kakhadiko. Anatulutsa faelo yopyapyala m'kabati, nawerenga chikalata chimodzi chala chikuyenda pamzere.

"Jones Mtonga. 'Mkulu wanga ninamuona komaliza pa Chisanu madzulo.' Anasaina." Anatseka faeloyo. "Amako akudziwa kuti uli kuno?"

"Ananiletsa."

Sajeni anamuyang'ana kanthawi, ulesi utachoka m'maso. Kenako anaitana dalaivala.

A Jones anawagwira pa dimba lomwelo, akuonetsa malire kwa munthu wa ku Chipata. Pansi pa bani, pamene dothi linali lokumbidwa n'kutsiridwanso, apolisi anatapa dothilo kuti akalipime ngati muli magazi. Chithunzi cha pachipupa nachonso anachitenga, pakuti ndi chimene a Keziya anazindikirirapo batani, ndipo anachimata kapepala ka nambala pagalasi, pankhope penipeni pa Consolata.

A Keziya sananame. Palibe amene anawamenya, palibe amene anawatukwana. Akuluakulu a kwa Mtonga anakhala pansi pa mango Lamlungu, nanena kuti chibale ndi fupa sichiola, kuti nkhani ya m'nyumba ikanathera m'nyumba, ndipo kuti magazi a mmodzi sabwezedwa potaya wachiwiri. Kuyambira tsiku limenelo akazi ankati akaona a Keziya pa mjigo, ankatula zidebe n'kudikira patali. Ku mvano mpando wa pambali pawo unkakhala wopanda munthu. Pasanathe mwezi, mlongo wawo anabwera ndi ngolo kuchokera ku Kapichila.

Bwezani anabwera kudzathandiza kunyamula. Katundu wa zaka makumi atatu sanadzaze ngolo: matiresi, mapoto, makina osokera, matumba awiri a mtedza. Amayi ake ankamupatsa zinthu osamuyang'ana kumaso. M'nyumba mutayera, anaima pakhomo la chipinda chochezera, manja akusowa pogwira.

"Amama, fayilo nikali nayo. Nizatsukitsa ina. Chipsela nizabweza kumanzele, na adada ang'ono nizawachotsapo. Ni ntchito ya tsiku limodzi."

"Leka."

"Sizaoneka kuti panali munthu."

"Nati leka, Bwezani. Unaikapo mmodzi, ona pamene naima. Usachotsenso munthu, usaikenso munthu." Anamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu. "Awiso unawachitila bwino. Nidziwa. Koma usanipemphe kuti nikuonge lelo."

Bwezani analowa m'chipindamo. Pachipupa panatsala msomali uja, ndipo posowa chochita anatola mwala kuti augwedeze autulutse.

"Usiye," anatero a Keziya ali kale panja. "Kumene nipita nilibe chipupa."

Anakwera pangolo, nakhala pa thumba la mtedza chofulatira mudzi, ndipo mlongo wawo anamenya ng'ombe.